Chikho cha Agogo ndi Kope la Achemwali

Kwathu m'mapiri a Ntcheu, khola la mbuzi linali kuseri kwa nyumba ya agogo aakazi, lozungulira, lomangidwa ndi mitengo yozika pansi ndi denga la udzu lofika m'mawondo. M'mamawa, mame asanakamuke, agogo ankalowamo chowerama atanyamula kachikho kawo. Ankagwira mkota wawo wa mawanga ofiira ku mwendo wakumbuyo, n'kumaulankhula motsitsa mawu ngati akunyengerera mwana, ndipo posakhalitsa tinkamva mkaka ukulira m'chikhomo, tswii, tswii. Sunali wochuluka ayi. Ukakwana kapu imodzi ndiye kuti tsiku limenelo kwacha bwino. Ankauwiritsa, n'kuuthira m'phala la mwana amene anali wofooka kwambiri pakhomopo. Enafe tinkangomva fungo.

Ife anyamata tinali ndi njira yathu. Tikafika nazo kudambo, dzuwa lili paliwombo, mmodzi ankagwira nyanga, wina n'kugona chagada kuti mnzake amukamire m'kamwa. Mkaka wofunda uja, wonunkhira masamba a m'tchire, ndimaukumbukabe mpaka lero.

Koma chisangalalo chimenechi chinali cha kanthawi. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mbuzi itaswa, mawere ankayamba kufota, ndipo tsiku lina agogo ankatuluka m'khola ndi chikho chopanda kanthu, n'kungoti, "Yauma, adzukulu anga. Tidikire iswenso." Panalibe wofunsa chifukwa. Kuuma kwa mbuzi tinkakuona ngati kuphwa kwa mtsinje m'chilimwe, chinthu chobwera chokha chimene munthu sangachiletse.

Lero achemwali anga, amene anatsala pamudzi pomwepo, ali ndi mbuzi yoyera imene amaikama miyezi 10 osadukiza. Ndikaiona ndimakumbukira chikho cha agogo, ndipo ndakhala ndikufunitsitsa kudziwa kumene miyezi 7 yowonjezerayo yachokera.

Mbali ina yachokera ku mtundu wa mbuzi, zimenezo n'zosakanika. Mbuzi zathu zachikuda zinazolowera kupirira chilala, nkhupakupa ndi njoka za m'mimba, ndipo mkaka wake ndi wongokwanira kulera mwana kufikira atayamba kudya msipu. Ya achemwaliyi mayi wake ndi wachikuda koma bambo wake ndi tonde wa mtundu wa Saanen, mbuzi zoyera zochokera ku Switzerland zimene akhala akuzisankha kwa mibadwo yambiri kuti zizitulutsa mkaka nthawi yaitali. Kumaiko kumene amaweta mbuzi za mkaka, nyengo yokama amaiwerengera masiku 305, kenaka mbuzi imapuma miyezi 2 isanaswenso. Komabe mtundu pawokha sukama mkaka. Umboni wake ndi mbuzi yomweyi, chifukwa itaswa koyamba inauma patangotha miyezi 4, pafupifupi ngati ya agogo.

Nkhani ya chaka choyambacho achemwali amaifotokoza mosabisa. Mbuzi inaswa mwana mmodzi mu Epulo, ndipo anamusiya kuti aziyenda ndi mayi wake usana ndi usiku. Kamwanako kanakonda mbali imodzi, mbali inayo n'kumangokhala yodzaza, ndipo posapita nthawi mawere anapendekeka, kwina kwakukulu, kwina kofota. Kukama ankakama akapeza mpata, lero m'mamawa, mawa dzuwa litakwera, mkuja osakama konse. Mu Juni kunagwa maliro kuchimuna kwawo, anakakhalako masiku atatu, mbuzi osakhudzidwa. Anthu atamaliza kukolola ziweto zinatayiriridwa monga mwa masiku onse. Pofika Ogasiti msipu unali utauma, mbuzi ikungotola mapesi, ndipo mkaka unatheratu.

Zinthu zonsezi zimagwirizana pa mfundo imodzi imene agogo sankaidziwa ndi dzina, ngakhale manja awo ankaizindikira. M'mawere a mbuzi muli timatumba tambirimbiri topanga mkaka. Mbuzi ikangoswa, timatumbati timakhala tochuluka ndi tamphamvu, ndipo mkaka umanka nukwera kufikira pachimake pakati pa sabata yachinayi ndi yachisanu ndi chitatu. Kuchokera pamenepo timayamba kutha pang'onopang'ono, ndipo mkaka umatsika. Kutsikako n'kwachilengedwe, koma liwiro lake lili m'manja mwa woweta. Pa mbuzi yosamalidwa bwino, pa makapu 10 alionse imachoka pafupifupi imodzi mwezi uliwonse. Mkaka ukamatsalira m'mawere, thupi limamva kuti palibe woufuna, ndipo limayamba kutseka timatumba tija. Chakudya chikaperewera kwa milungu ingapo limachitanso chimodzimodzi. Choopsa n'chakuti timatumba tikatha sitibwerera kufikira mbuzi itaswanso. N'chifukwa chake munthu amene waisiya mbuzi ndi njala mwezi wathunthu, ngakhale adzaipatse madeya odzaza beseni mwezi wotsatira, mkaka sufikanso pamene unali. Mbuzi imangonenepa.

Choncho ntchito yotalikitsa mkaka siyamba mkaka ukayamba kuchepa. Imayamba sabata yomwe mbuzi yaswa, ndipo kwenikweni ndi ntchito yoletsa kutaya.

Chaka chachiwiri mbuziyo inaswanso mu Epulo, ndipo achemwali, atakambirana ndi alangizi a ziweto, anasintha zinthu. Masiku 4 oyamba mwana anayamwa yekha mkaka wachikasu uja, umene umamuteteza ku matenda. Kenaka anamupatula m'kachipinda kake, kuyang'anizana ndi mayi wake, n'kumamumwetsa ndi botolo kufikira atakwana miyezi 3. Mayiyo anayamba kukamidwa kawiri pa tsiku, 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo, ndipo mkaka wonse ankauyeza ndi botolo la theka la lita n'kulemba m'kope la ana asukulu limene amalipachika pa msomali m'khonde la khola. Kope limenelo ndinaliwerenga tsamba ndi tsamba. Kumapeto kwa Meyi mbuzi inafika malita 2 pa tsiku. Mu Julayi inali pa lita imodzi ndi theka kuposerako pang'ono. Mu Okutobala, kunja kuli gwa, nthaka ikuwotcha mapazi, inali kutulutsabe lita imodzi ndi kapu. Anasiya kuikama kumayambiriro kwa Febuluwale ikupereka makapu atatu. Tiyenera kuvomereza kuti mbuzi yoswa kachiwiri imakhala ndi mkaka wochuluka kuposa yoswa koyamba, choncho kukwera kwa malitawo si kwa chisamaliro chokha. Koma kuchoka pa miyezi 4 kufika pa 10, kumeneko ndiye kwa manja a munthu.

Tsiku lina ndinadzuka nawo kuti ndione kakamidwe kawo. Khola lawo ndi lam'mwamba, pansi pake pali mipata yogwetsa ndowe, ndipo pambali pali kathandala kofika m'mawondo pamene mbuzi imakwera yokha ikangomva chidebe chikulira. Anaika chakudya m'kabeseni kutsogolo kwake, nasamba m'manja ndi sopo, natsuka mawere ndi madzi ofunda, nawapukuta ndi kansalu kouma. Mkaka woyamba wa nsonga iliyonse, kawiri kapena katatu, anaukamira pa kansalu kakuda kokutira kapu, nauyang'anitsitsa. Kenaka anayamba kukama, chala chachikulu ndi chamkombaphala zikutseka kumtunda kwa nsonga, zala zinazo zikufinya motsatana kutsikira pansi, osakoka. Ndinayamba kuwafunsa kanthu, koma anandiyankha monong'ona.

"Dikirani kaye, achimwene. Ikadzidzimuka ibisa mkaka."

Kubisa mkaka kumeneku agogo ankakunenanso, ndipo ankatithamangitsa tikamachita phokoso pafupi ndi khola. Anali kunena zoona. Mbuzi ikamva kufunda kwa madzi ndi dzanja limene inalizolowera, ubongo wake umatulutsa m'magazi timadzi totchedwa okisitosini, timene timafinya timatumba tija kuti mkaka utsike. Mphamvu yake imakhala kwa mphindi zochepa chabe, ngati 5 kapena 7, n'chifukwa chake wokama sayenera kuyamba ndi macheza kapena kuima pakati. Galu akauwa, mwana akaikwapula, kapena wokama akaikoka nsonga mopweteka, mantha amatsekereza timadzi timeneti. Mbuzi imasunga mkaka wake wambiri m'thumba lam'munsi mwa mawere, ndiye ngakhale yachita mantha mudzapezabe woti n'kukama. Umene umatsalira ndi wam'mwamba, womalizira, ndipo ndi umene uli ndi mafuta ambiri. Wotsalirawo ndi womwe umauza thupi kuti lichepetse. Achemwali akaona kuti mkaka wasiya kubwera, amasisita mawere kuchokera m'mwamba, n'kuwagunda pang'ono ndi chikhatho monga amachitira kamwana ndi mutu wake, ndipo umatsikanso wina wokwana theka la kapu.

Pa nkhani ya nthawi achemwali sasekerera. Akamapita kumaliro kapena kumsika wakutali, mwana wawo wamkazi wamkulu ndiye amakama, ndipo anamuphunzitsa kale kuti mbuzi imuzolowere. Kukama kamodzi pa tsiku n'kotheka, ndipo mbuzi zimakupirira kuposa ng'ombe chifukwa cha thumba lalikulu lija, koma mkaka umachepa, kawirikawiri ndi gawo limodzi mwa magawo 5 kapena kuposa. Kutaya kumakula kwambiri mukatero m'miyezi yoyamba. Ngati pali nthawi yoti munthu apumuleko n'kumakama kamodzi, ndi mwezi womaliza, mkaka utatsika kale.

Tibwere ku chakudya, kumene mtima wanga umagawanika pakati pa kale ndi lero.

Mbuzi za agogo zinkadya zinthu zamitundumitundu zimene ya achemwali sidzazilawa. Tikazitulutsa zinkayamba ndi zitsamba za m'mbali mwa njira, kenaka masamba a mitengo ya m'phiri zitaimirira ndi miyendo iwiri, kenaka msipu wa kudambo. Mbuzi mwachibadwa ndi nyama yobudula masamba a m'mwamba, ndipo ikapatsidwa ufulu imasankha nsonga zanthete zokhazokha. Lero dambo lija ndi madimba a tomato ndi kabichi, phiri lija analiotcha makala, ndipo anyamata amene akanakhala abusa ali m'kalasi, kumene n'koyenera. Mbuzi ya mkaka tsopano imadya chimene mwini wake waisenzera pamutu. Zimandimvetsa chisoni, koma sindingabise kuti ufulu wakale uja unali ndi nyengo ziwiri za njala. M'dzinja, msipu uli ponseponse, mbuzi zinkamangidwa pa chingwe poopa minda, n'kumazungulira chikhomo chimodzi tsiku lonse, kudya udzu umene zaupondaponda ndi kuuipitsira. M'chilimwe zinkamasulidwa, koma msipu utauma. Mkaka unkatha pa imodzi mwa nyengo ziwirizi.

Mbuzi ya achemwali ndi yolemera makilogalamu pafupifupi 40. Ikakhala pachimake cha mkaka imafunika chakudya chokwana makilogalamu pafupifupi 2 tikachiyeza chouma, ndipo choposa theka chiyenera kukhala masamba ndi udzu. Msipu wauwisi umakhala ndi madzi ambiri, choncho m'nyengo yobiriwira amaisenzera mtolo wa makilogalamu 5 kapena 6. Maziko ake ndi nsenjere zimene anadzala m'mizere ya akalozera, zodulidwa zisanakhwime, zikafika m'chiuno, n'kuziduladula. Pamwamba pake amaika masamba omanga thupi, a nandolo, a gilisidiya, a lukina, kapena kholowa. Lukina mbuzi zimamukonda kwambiri, koma sayenera kupitirira gawo limodzi mwa magawo 3 a chakudya chonse, chifukwa akachuluka amathothola ubweya ndi kufooketsa chiweto. Masambawo amawamanga m'mitolo n'kuwapachika m'mwamba, popeza mbuzi siidya chimene chagwa pansi n'kupondedwa.

Chakudya chowonjezera amasakaniza okha. Pa makilogalamu 4 a madeya amathira kilogalamu imodzi ya soya wokazinga ndi kugayitsa, ndi kamchere kodzaza masupuni atatu. Madeya okha amapatsa mphamvu koma zomanga thupi ndi zochepa, pafupifupi 10 pa 100 alionse, pamene mbuzi yokamidwa imafuna chosakaniza chofika 16 pa 100, ndipo soya ndiye amakweza. Muyeso wake ndi magalamu 400 pa lita iliyonse ya mkaka. Pamene inkapereka malita 2 inkalandira magalamu 800, theka m'mawa, theka madzulo, pa thandala pomwe paja. Mkaka ukamatsika, nawonso amatsitsa. Sanayambe ndi muyeso wonsewo tsiku limodzi. Anayamba ndi kadzanja kamodzi milungu iwiri mbuzi isanaswe, n'kumawonjezera pang'onopang'ono, kuti m'mimba muzolowere.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa chifukwa cha chikondi. Akaona kuti madeya akuchulukitsa mkaka, amaganiza kuti kuwirikiza madeya n'kuwirikiza mkaka. Mbuzi ikadya madeya ochuluka nthawi imodzi m'mimba mumasasa. Imasiya kubzikula, imaima ndwii, ndowe zimasanduka phala m'malo mwa timibulu, ndipo mkaka umagwa tsiku lomwelo. Ina imafa. Mbuzi yathanzi mukaipeza itagona iyenera kukhala ikubzikula, ndipo chimenecho ndi chizindikiro choyamba chimene achemwali amayang'ana akamadutsa pakhola masana. Madeya ochokera kuchigayo amabweranso onyowa, ndipo akapanda kuyanikidwa tsiku lomwelo amachita chuku. Poizoni wa chuku amadutsa m'thupi la mbuzi n'kulowa mu mkaka umene ana athu amamwa, choncho madeya kapena mtedza wachuku malo ake ndi kudzala, osati kukhola.

Funso lalikulu ndi la miyezi youma, kuyambira Juni mpaka mvula itagwa mu Novembala kapena Disembala. Apa achemwali anabwerera kwa agogo. Ndikukumbukira kuti agogo akakumba mtedza sankalola kuti masangwi atayike. Ankawaunjika pa denga la khola, ndipo m'chilimwe ankatituma kukatola nyemba za nsangu zogwa pansi pa mitengo ikuluikulu ya m'munda, zopindikapindika zija, zimene mbuzi zinkathamangira ngati ana pa masuku. Ankachita zimenezi kuti ziweto zingopulumuka. Achemwali amachita zomwezo koma mowerengera. Masiku ouma ndi pafupifupi 180, ndipo mbuzi imodzi imafuna chakudya chouma choposa kilogalamu imodzi pa tsiku, ndiye kuti makilogalamu osachepera 200, kuphatikizapo chotayika. Thumba lolembedwa kuti makilogalamu 50 likadzaza masangwi silifika kulemera kumeneko, choncho iwo anayeza limodzi pa sikelo ya wogula soya kuti adziwe chiwerengero cha matumba ofunika. Masangwi amawaumitsa pamthunzi kuti asayoyoke masamba, chifukwa chakudya chili m'masambamo. Oumitsidwa padzuwa lamphamvu amatsala mitengo yokhayokha. Masamba a lukina ndi a nandolo amawaumitsanso chimodzimodzi n'kuwasunga m'matumba pa nsanja, kutali ndi chiswe. Ntchito yonseyi imachitika mu Epulo ndi Meyi, nthawi imene msipu uli wambiri ndipo munthu sangaganize za njala. Mkaka wa mu Okutobala umakonzedwa nthawi imeneyo.

M'kope muja muli tsamba lina limene linandiphunzitsa kanthu. Pakati pa Seputembala mkaka unagwa mwadzidzidzi, kuchoka pa mabotolo awiri ndi theka kufika pa awiri osadzaza, m'masiku awiri okha. M'mphepete mwake analemba mawu awiri, "mjigo wawonongeka". Sabata imeneyo madzi ankachokera kutali, ndipo mbuzi inkalandira otsala. Mkaka ndi madzi, pa magawo 100 alionse 87 ndi madzi, ndipo mbuzi yodya masangwi ouma m'nyengo yotentha imatha kumwa malita 8 kapena 10 pa tsiku. Imanyansidwanso msanga, moti chidebe chikagweramo ndowe imodzi imasankha kukhala ndi ludzu. Atazindikira, anayamba kuipatula ndowa yake, ndipo pa tsiku lachitatu mkaka unabwerera. Unabwerera chifukwa vutolo linagwidwa msanga, timatumba tija tisanayambe kutha. Kale sitinkaganizako zomwetsa mbuzi. Tinkati imamwa mame.

Kope limathandiza kusiyanitsa kugwa kwa mitundu iwiri. Mkaka ukagwa mwadzidzidzi, yang'anani madzi, kusintha kwa chakudya, wokama wachilendo, kapena ngati mbuzi ikufuna tonde, zimene zimachitika pafupifupi masiku 21 alionse. Pamenepo imalira kwambiri, imagwedeza mchira, ndipo mkaka umachepa tsiku limodzi kapena awiri n'kubwerera wokha. Yang'ananinso kansalu kakuda kaja. Mukaonapo timibulu, mkaka wa madzimadzi kapena wa magazi, mbali imodzi ya mawere ili yotentha ndi yolimba, ndiye kuti alowa matenda otupitsa mawere, ndipo mbali imene yadwala ikachedwa kuthandizidwa imatha kuuma mpaka kalekale. Mbali imeneyo muziikama pomalizira, mkaka wake mutaye, ndipo muitane alangizi tsiku lomwelo. Mbuzi ikabayidwa mankhwala, mkaka wake usamwedwe kufikira masiku olembedwa pa botolo atakwana. Koma mkaka ukamatsika pang'onopang'ono mopitirira muyeso wa mwezi, mbuzi ikuwonda, ubweya uli nyankhalala, tsegulani chikope cham'munsi. Chikakhala chotuwa m'malo mofiira, kapena pansi pa chibwano patatupa, njoka za m'mimba zikuimwa magazi. Vutoli limakula m'dzinja, ndipo ndi chifukwa china chimene khola lam'mwamba lilili labwino kuposa lozungulira la agogo, m'mene mbuzi zinkagona pa matope a ndowe zawo.

Chotsala ndi tonde. Kale tonde ankayenda ndi gulu chaka chonse, ndipo mbuzi inkatha kutenga bere mwana wake akadali wa miyezi iwiri. Mbuzi imakhala ndi bere masiku pafupifupi 150. M'milungu yoyamba mkaka susintha kwenikweni, koma bere likafika pakati thupi limatembenukira kwa mwana wam'mimba, ndipo mkaka umatsika mofulumira ngakhale mudyetse motani. Ndikaganiza bwino, kuuma kwambiri kumene agogo ankakuona ngati kwachilengedwe kunali kwa bere latsopano. Achemwali anaisunga mbuzi yawo kutali ndi tonde kufikira mwezi wachisanu ndi chiwiri. Anaikweretsa kumayambiriro kwa Novembala, anapitiriza kukama miyezi itatu, ndipo anaisiya mu Febuluwale kuti ipume miyezi 2 isanaswe mu Epulo. Poiumitsa anachotsa madeya kwa sabata imodzi, nayamba kukama kamodzi pa tsiku, kenaka n'kusiyiratu, akuyang'ana mawere tsiku lililonse ngati akutentha. Kupuma kumeneku sikutaya mkaka. Ndi nthawi imene timatumba tatsopano timapangidwa, komanso imene mwana wam'mimba amakula kwambiri. Mbuzi yokamidwa mpaka tsiku loswa imadzapereka mkaka wochepa chaka chotsatira.

Ku France ndi ku Netherlands alimi ena amapitirira pamenepa. Mbuzi zabwino kwambiri saziperekanso kwa tonde, amangozikama zaka ziwiri kapena kuposa. Zimatheka chifukwa mbuzizo zimayamba ndi mkaka wochuluka ndipo chakudya chake sichisintha chaka chonse. Ndinawafunsa achemwali ngati angayese, ndipo anapukusa mutu.

"Achimwene, mwana wa mbuzi ndiye fizi ya ana anga. Ndikapanda kuikweretsa ndigulitsa chiyani?"

Ndikugwirizana nawo. Kwa ife kuno, mbuzi yoswa kamodzi pa chaka, m'nyengo ya masika, n'kukamidwa miyezi 10, ndiyo yoyenera. Ndipo amene ali ndi yachikuda asayembekezere malita 2. Chisamaliro chomwechi chidzaonjezera milungu ingapo ndi kapu ina pamwamba, koma sichidzaisandutsa Saanen. Nayonso Saanen yeniyeni, yosasakaniza, imavutika ndi kutentha ndi matenda a kuno, moti kwa mlimi wa pamudzi yosakaniza ndiyo imapirira.

Chikho cha agogo chilipobe, chili pa nsanja kukhitchini kwa achemwali, chinang'aluka m'mphepete ndipo amasungiramo mbewu ya maungu. Madzulo a tsiku lija tinakhala pakhonde, mkaka ukuwira pamoto, chifukwa wosawiritsa uja tinkamwa kudambo umatha kupatsa anthu matenda a ziweto, ndipo pakhomo pano palibe mwana amene amaloledwa kuumwa. Ana anayi analandira aliyense kapu yake, osati wofooka yekha. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene kale m'khola simunkatuluka ngakhale dontho.

Inu amene muli ndi mbuzi ya mkaka imene ili ndi bere, musadikire kuti iswe. Gulani kope, pezani botolo loyezera, ndipo mtedza ukakumbidwa chaka chino masangwi asatenthedwe m'munda.